Kugula puloti ku Salisbury Lines: zoyenera kufufuza ndalama isanatuluke

Ku Salisbury Lines mumzinda wa Mzuzu, monga m'madera ena omwe anthu anayamba kumangamo akuluakulu okonza mzinda asanadule mapuloti, malo amagulitsidwa kawirikawiri, koma ambiri mwa malowo alibe chikalata cha umwini cholembedwa m'kaundula wa boma. Chomwe wogulitsa amatulutsa m'thumba nthawi zambiri ndi kapepala ka mgwirizano wa pakati pa iye ndi amene anamugulitsa, kosayinidwa ndi mboni ziwiri kapena zitatu, penanso kodindidwa ndi mfumu kapena mtsogoleri wa buloko. Kapepalako kali ndi ntchito yake, koma kamangonena mbali ya wogulitsa. Wogula amafunika mayankho a mafunso atatu: kodi munthuyu ali ndi ufulu wanji pa malowa, malowa akuyambira pati n'kuthera pati, ndipo ndani wina m'banja mwake amene ali ndi mawu pa malondawa? Mayankho onse atatu amachokera kwa anthu ena, osati kwa wogulitsa kapena dobadoba amene akudikira gawo lake.

Mwini nthaka ndi ndani?

M'mizinda ya m'dziko muno nthaka ili m'manja mwa eni osiyanasiyana. Pali malo a boma omwe amayang'aniridwa ndi unduna wa zamalo, pali a bungwe la boma lomanga nyumba la MHC lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, pali a khonsolo ya mzinda, ndiponso a anthu kapena mabungwe omwe ali ndi zikalata zawo. Madera amene boma linadula mapuloti kuti anthu opeza pang'ono azidzimangira okha anachotsedwa m'manja mwa MHC n'kuperekedwa ku makhonsolo kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, n'chifukwa chake mafayilo ena akale amapezeka ku ofesi imene munthu samayembekezera. Choyamba kwa wogula ndi kudziwa kuti nthaka ya puloti imene akuifuna ili pansi pa ndani mwa amenewa, pakuti kumeneko ndiko kuli mbiri yake ngati ilipo. Ofesi yoona za mapulani a mzinda ku khonsolo ya Mzuzu ndi ofesi ya zamalo ya chigawo cha kumpoto, yomwenso ili mumzinda womwewo, ndizo zoyambira.

Udindo wa mafumu ndi atsogoleri a mabuloko umafunika kuumvetsa bwino. Lamulo la mafumu la 1967 limanena kuti mfumu ilibe ulamuliro mkati mwa mzinda pokhapokha khonsolo itailola polemba. Choncho chidindo cha mfumu ya m'tauni kapena cha mtsogoleri wa buloko sichipereka umwini wa nthaka. Komabe kunyoza anthu amenewa n'kudzipweteka. M'dera lopanda kaundula, iwo ndiwo amakumbukira kuti malo akutiakuti anali a ndani, anagawidwa liti, ndipo mkangano unabuka chaka chiti. Umboni wawo ndi wa mbiri, ndipo uyenera kutengedwa motero.

Mapepala amene wogulitsa angaonetse

Pepala lolemera kuposa onse ndi satifiketi ya lizi, yomwe ambiri amaitchula kuti taitolo didi. Imasonyeza kuti boma, khonsolo kapena MHC inabwereketsa malowo kwa munthuyo kwa zaka zotchulidwa, kawirikawiri 99 pa malo okhalapo, ndipo umwiniwo unalembedwa motsatira lamulo la kalembera wa malo la 1967. Pansi pake pali kalata ya ofa, imene mwini nthaka amalemba pouza munthu kuti wapatsidwa puloti malinga akwaniritse zofunika monga kulipira ndalama zina ndi kumanga m'nthawi yoikika. Kalata ya ofa si lizi, ndipo ikhoza kuthetsedwa ngati zofunikazo sizinakwaniritsidwe. Kenako pamabwera mapepala a mgwirizano wa kumudzi aja. Malisiti a msonkho wa khonsolo, a madzi kapena a magetsi amangosonyeza amene wakhala akulipira. Wa lendi nayenso amatha kukhala nawo.

Ngati wogulitsa waonetsa satifiketi ya lizi, wogula asakhutire ndi kuigwira m'manja. Alembe nambala ya taitolo imene ili pamwamba pake n'kupita yekha, kapena kudzera kwa loya wake, ku ofesi ya kaundula wa malo kukapempha kafukufuku wovomerezeka. Amalemba fomu, amalipira ndalama yochepa ya boma n'kulandira lisiti, kenako amapatsidwa chikalata chofotokoza zimene zili m'kaundula pa tsikulo. Tsamba la puloti iliyonse lili ndi zigawo zitatu. Choyamba chimafotokoza malowo: nambala yake, kukula kwake ndi mtundu wa umwini. Chachiwiri chimatchula mwini wake, ndipo m'menemo mumalembedwanso zoletsa kugulitsa ngati zilipo. Chachitatu chimatchula zolemetsa, makamaka ngongole ya kubanki imene malowo anaikidwa ngati chikole.

Chifukwa chosadalira satifiketi yokha n'chakuti pepala la m'manja limanena za tsiku limene linaperekedwa, pamene kaundula amanena za lero. Munthu akhoza kusunga fotokope yoyera ya satifiketi pamene yeniyeni ili kubanki. Wina akhoza kukhala atalembetsa chenjezo, lomwe ndi njira imene lamulo limapatsa aliyense wodzinenera gawo pa malo kuti aletse kusintha umwini mpaka nkhani yake itamveka. Dzina la m'kaundula lifanane ndendende ndi la pa chiphaso cha unzika cha wogulitsa, ndipo nkhope ya pa chiphasocho ikhale ya munthu amene wakhala patsogolo pa wogula. Mayina awiri pa kaundula akutanthauza kuti anthu awiri ayenera kusayina.

Pali mfundo ina imene ogula ambiri sanaimve. Lamulo la malo la 2016 litasinthidwa mu 2022, linaletsa kugulitsa malo a lizi omwe ali opanda chitukuko chilichonse. Wofuna puloti yopanda kanthu yokhala ndi lizi afunse kaye ku ofesi ya zamalo ngati chilolezo chosinthira umwini chidzaperekedwa, chifukwa popanda chilolezo cha mwini nthaka lizi siingasamutsidwe, ngakhale ndalama yonse italipiridwa.

Pamene palibe lizi

Apa ndi pamene pali ogula ambiri a ku Salisbury Lines, ndipo kunena zoona n'kofunika: wogula malo opanda lizi sakugula nthaka. Akugula nyumba kapena maziko amene alipo, pamodzi ndi mwayi wokhala pamalopo umene anthu oyandikana nawo amauvomereza. Mtengo uyenera kusonyeza zimenezo. Ngati nthakayo ndi ya boma, zaka zambiri zimene wogulitsa wakhalapo sizimusandutsa mwini wake pamaso pa lamulo.

Kufufuza kumakhala kolondola mzere wa anthu amene malowo anadutsa m'manja mwawo. Wogulitsa anawapeza bwanji? Ngati anagula, pepala lake lili kuti, ndipo amene anamugulitsa kapena mboni za tsikulo zilipo? Ngati anapatsidwa ndi makolo, abale ake akudziwa? Mzerewu ukaduka penapake, mwachitsanzo pepala likutchula munthu amene palibe woyandikana naye akumukumbukira, wogula ayime kaye. Funso lothandiza kwambiri kwa oyandikana nawo si lakuti "kodi malowa ndi a bambo awa?", chifukwa ulemu umapangitsa anthu kuvomera. Ndi bwino kufunsa kuti "pano pakhala ndani chiyambire?" kapena "alipo ena amene anabwera kudzaona malowa?" Funso lachiwirili ndilo limaulula puloti yogulitsidwa kawiri. Mchenga kapena njerwa zounjikidwa pamalo amene akuti ndi opanda kanthu nazonso zimafuna kufotokozedwa.

Ku khonsolo wogula afunse zinthu ziwiri. Kodi puloti imeneyi ili m'mabuku awo, m'dzina la ndani, ndipo ili ndi ngongole ya msonkho? Nanga pa mapulani a mzinda, malowo anasungidwira chiyani? Puloti imene ili pa njira ya msewu wamtsogolo, pansi pa nthambo zikuluzikulu za magetsi kapena m'mphepete mwa mtsinje siidzapatsidwa lizi, ndipo chomangidwapo chikhoza kudzagwetsedwa.

Malire

Pa puloti yoyezedwa ndi boma, malire amadziwika ndi mabikoni, timiyala ta simenti tokhala ndi chitsulo pakati tokwiriridwa pa ngodya iliyonse, ndipo amafanana ndi mapu a puloti ovomerezedwa ndi mkulu wa dipatimenti yoyeza malo. Kuzula kapena kusuntha bikoni ndi mlandu, koma amasunthidwa ndithu, ndipo ena amakwiririka pomanga mpanda. Wogula aitane saveya wachilolezo kuti apeze mabikoniwo pogwiritsa ntchito manambala a pa mapu. Ntchito ya saveya imayankhanso funso lina lalikulu: kodi puloti imene wogula waonetsedwa ndi yomwe ili pa satifiketi? Chinyengo chodziwika n'choonetsa chikalata chenicheni cha puloti ina, kenako n'kuloza munthu malo ena ooneka bwino. Saveyayo asankhidwe ndi kulipidwa ndi wogula.

Pa puloti yosayezedwa, malire ndi mpanda wa maluwa, nthochi, ngalande kapena kanjira. Zonsezi zimayenda. Nthochi zimaphuka kumbali, ngalande imakumbidwanso pena chaka chilichonse. Njira yokha yodalirika ndi kuitana oyandikana nawo a mbali zonse pa nthawi imodzi, eni ake enieni osati a lendi, pamodzi ndi mtsogoleri wa buloko, n'kuyenda ngodya ndi ngodya ndi tepi yoyezera. Mbali zonse zinayi ziyezedwe, zikhomo zikhomedwe anthu onse akuona, chithunzi cha puloti chijambulidwe papepala ndi miyezo yake, ndipo oyandikana nawo asayine.

Tiyerekeze kuti mayi wina wogwira ntchito mumzindawu wauzidwa kuti puloti ndi ya mamita 15 m'lifupi ndi 25 m'litali, pa mtengo wa K7,500,000. Kukula kwake kukhala masikweya mita 375, kutanthauza K20,000 pa sikweya mita iliyonse. Tsiku loyeza, kutsogolo kwapezekadi mamita 15, koma kumbuyo woyandikana naye akuloza chitsa cha mtengo umene unali malire akale, ndipo tepi ikuwerenga mamita 11 okha. Akaphatikiza 15 ndi 11 n'kugawa pawiri apeza 13, ndipo 13 kuchulukitsa ndi 25 ndi masikweya mita 325. Asowa 50, omwe pa mtengo uja ndi K1,000,000. Kuchepako sikukhudza ndalama yokha. Kumbuyo n'kumene kumamangidwa chimbudzi, ndipo mamita anayi otayikawo akhoza kuchititsa kuti chisowe poyima. Mayiyu ali ndi njira ziwiri: kutsitsa mtengo n'kulemba mamita 11 mu mgwirizano, kapena kuuza wogulitsa kuti athetse kaye nkhaniyo ndi mnzakeyo. Chomwe sayenera kuchita ndi kulipira mamita 15 n'chiyembekezo chakuti adzakambirana yekha pambuyo pake, popeza iye ndi mlendo pamalopo ndipo mboni zonse zimadziwa mnzakeyo.

M'dera lothithikana chonchi njira yolowera ndi gawo la malire. Ngati puloti ilibe mbali yokhudza msewu, wogula adziwe kuti kanjira kofikira pamenepo kakudutsa pa malo a ndani, ndipo kalembedwe mu mgwirizano ndi m'lifupi mwake. Kanjira kodutsa mwa chifundo cha woyandikana naye kamatsekedwa tsiku limene iye wagula njerwa za mpanda.

Malire ena amaikidwa ndi madzi. Mbali yaikulu ya Salisbury Lines ndi yotsika, ya dambo, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mzuzu amalandira mvula yambiri mpaka mwezi wa Epulo, ndipo mu Epulo 2016 madzi osefukira anagwetsa nyumba zambiri m'madera otsika a mzindawu. Puloti yoonedwa mu Okutobala imaoneka youma paliponse. Wogula amene sangadikire dzinja ayang'ane mzere wa chinyontho pa makoma a nyumba zoyandikana, aone ngati zimbudzi za kumeneko n'zokwezedwa pamwamba, asuzumire m'chitsime kuti aone pamene madzi afika, ndipo afunse amayi a pafupi kuti madzi a mvula amadutsa kuti.

Mawu a mkazi kapena mwamuna wa wogulitsa

Kaundula wa malo salemba za ukwati. Puloti ikhoza kukhala m'dzina la bambo okha pamene njerwa anaumba ndi mayi, kapena ndalama ya malata inachokera ku geni yawo. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa amayi ufulu wokhala ndi katundu pawokha kapena pamodzi ndi ena, komanso ufulu wolandira gawo loyenera la katundu wa onse awiri banja likatha. Lamulo la maukwati la 2015 limauza makhoti kuti pogawa katundu aziganizira zimene aliyense anathandiza, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Izi sizitanthauza kuti chilichonse cha munthu wapabanja ndi cha awiri. Makhoti amayang'ana cholinga cha awiriwo ndi zimene aliyense anaikapo. Koma wogula alibe njira yodziwira mbiri ya m'nyumba ya eni ake. Ngati mnzake wa wogulitsa adzapita ku khoti n'kutenga chiletso, ntchito yomanga imaima, ndipo funso limene wogula adzakumane nalo ndi lakuti kodi ankadziwa, kapena akanatha kudziwa, kuti pali wina wokhudzidwa. Amene anapeza mayi ndi ana akukhala m'nyumbamo koma sanawafunse kanthu amavutika kuyankha funso limeneli.

Choncho chilolezo chimatengedwa pamaso. Wogula akumane ndi mkazi kapena mwamuna wa wogulitsa, aone chiphaso chake, ndipo atsimikize kwa oyandikana nawo kuti ndi yemweyo, chifukwa kubwera ndi munthu wongobwereka kuti ayime ngati mkazi si chinthu chovuta. Ndi bwino kulankhula naye wogulitsa atapatuka pang'ono, m'chiyankhulo chimene iye amamva bwino, chomwe ku Mzuzu nthawi zambiri ndi Chitumbuka, n'kumufunsa mwaulemu kuti, "Mayi, kodi mukudziwa kuti malo ano akugulitsidwa, ndipo mtengo wake anakuuzani?" Funso la mtengo limaulula zambiri. Pali amayi amene anavomera kugulitsa kachigawo ka kumbuyo, osadziwa kuti pepala likunena puloti yonse, ndiponso ena amene anauzidwa theka la mtengo. Chilolezocho chilembedwe, chitchule puloti, miyezo ndi mtengo, chiwerengedwe mokweza, ndipo chisayinidwe kapena kudindidwa chala pamaso pa loya kapena wina wololedwa kulumbiritsa anthu.

Kusowa kwa satifiketi ya ukwati sikuchotsa nkhaniyi. Lamulo la 2015 limavomereza ukwati wa kwa bwanamkubwa, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa mwambo, komanso wa anthu amene akhalira limodzi ngati banja kwa zaka zosachepera zisanu khoti likaona kuti ndi choncho. Pa mitala, mkazi wofunika kwambiri ndi amene amakhala kapena anamanga nawo pa puloti imeneyo, yemwe mwina si amene wabwera naye wogulitsa. Wogulitsa akanena kuti banja linatha, aonetse chigamulo cha khoti, ndipo wogula awerenge zimene chikunena pa katundu. Mawu akuti "mayi ali kumudzi, koma akudziwa" ndi chifukwa chodikira, kapena chokwera basi kukawaona. Mwambo wa madera ambiri a kumpoto umaika malo m'manja mwa mwamuna ndi abale ake, makamaka pamene malowolo anaperekedwa, ndipo ena amaona ngati kufunsa mayi n'kuchepetsa bambo. Khoti silidzayendera maganizo amenewo.

Mabanja ambiri a ku Mzuzu ndi Mzimba ali ndi wina ku Joni. Zikatero amene amagulitsa ndi mkazi wotsala pakhomo kapena mchimwene wake wa mwini malo. Kulankhulana pa foni, ngakhale pa vidiyo, kumathandiza kudziwa kuti mwiniyo akudziwa, koma sikulowa m'malo mwa kalata yosayinidwa pamaso pa wolumbiritsa yopatsa munthu mphamvu zogulitsa puloti yotchulidwa. Pa malo a lizi kalata yotereyi imayenera kulembetsedwa ku ofesi ya kaundula.

Mwini malo akakhala kuti anamwalira, nkhani imalowa m'lamulo la chuma cha masiye la 2011, lomwe limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo limati kulanda chuma chawo ndi mlandu. Woyenera kugulitsa ndi amene ali ndi kalata ya khoti yomupatsa mphamvu zoyendetsera chumacho. Mwana woyamba, amalume kapena mchimwene wa malemu alibe mphamvuzo chifukwa cha ubale wokha. Ngakhale kalatayo ilipo, wogula wanzeru amapempha kuti wamasiye ndi ana akuluakulu asayine nawo.

Kalipiridwe

Zonsezi zimatenga masabata, ndipo apa ndi pamene dobadoba amanena kuti pali wogula wina amene akubwera ndi ndalama mawa. Ngati kugwira malo n'kofunika, wogula apereke kachigawo kochepa, polemba momveka kuti kadzabwezedwa kafukufuku akapeza vuto. Ndalama ipite ku akaunti ya kubanki ya dzina la mwini malo, osati m'manja mwa mkhalapakati, kuti padzakhale umboni wa tsiku ndi kuchuluka kwake.

Pa puloti ya lizi, gawo lalikulu la ndalama lidikire chilolezo cha mwini nthaka, umboni wakuti lendi ya nthaka ndi msonkho wa khonsolo zilibe ngongole, ndi chikalata cha MRA chosonyeza kuti za misonkho zili bwino. Fomu yosamutsira umwini ikasayinidwa ndipo msonkho wa sitampu ukalipiridwa, zikalata zimapita ku kaundula, ndipo wogula amakhala mwini lizi pa tsiku limene dzina lake lalembedwamo. Maloya amatha kusunga ndalamazo mu akaunti ya makasitomala mpaka zonse zitatha. Ndi bwino kubwereza kafukufuku wa m'kaundula patangotsala pang'ono kulipira komaliza, chifukwa chenjezo kapena chikole chikhoza kulowa pakati pa masabata amenewo.

Pa puloti yopanda lizi, malipiro omaliza achitike tsiku limodzi ndi kulandira malo: wogulitsa atatuluka, zikhomo zili m'malo mwake, mapepala onse akale ataperekedwa kwa wogula, ndipo mgwirizano utasayinidwa ndi wogulitsa, mnzake wa m'banja, oyandikana nawo ndi mtsogoleri wa buloko, aliyense ndi nambala ya chiphaso chake. Kuchokera pamenepo wogula apite ku khonsolo kukasinthitsa dzina m'mabuku ngati pulotiyo ilimo, n'kufunsa ngati ili pamalo pomwe angaloledwe kuiyezetsa ndi kupempha lizi.